Kujambula lebulo ya mankhwala opopera mbewu ndi kuimasulira kuti wakudimba asalakwitse muyeso

Azakhali anga amalima matimati pa munda wa lima imodzi, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo anayi a hekitala, cha ku Chongwe, ndipo popeza ine ndimakhala mu Lusaka, kufupi ndi masitolo a zaulimi ozungulira msika wa Soweto, ntchito yowagulira mankhwala a mbewu inagwera ine. Iwo sawerenga Chingerezi, pomwe malebulo amene ndimawapeza m'masitolomo amalembedwa m'Chingerezi, choncho ndimajambula lebulo ndi foni, ndimaimasulira, kenako ndimatumiza uthenga kwa iwo ndi kwa msuweni wanga amene amaberekera sipuleya kumsana.

Ntchitoyi ndinayamba kuiopa tsiku limene chithunzi changa chosaoneka bwino chinameza kadontho ka pakati pa 1 ndi 5. Lebulo inali kunena mamililita 1.5 pa lita imodzi ya madzi, koma msuweni wanga anawerenga 15, nathira mamililita 240 mu sipuleya imodzi ya malita 16, pafupifupi botolo lonse la mamililita 250. Madzulo ake nkhope inali kumuyabwa ndi kumuotcha ngati waipaka tsabola, ndipo masamba a m'mizere imene anapopera anapsa m'mphepete. Mlandu unali wanga, chifukwa ndinatumiza chithunzi m'malo motumiza muyeso wowerengetsera kale. Zimene ndalemba pansipa ndi njira imene ndimatsata kuyambira nthawi imeneyo, ndipo nditsatira botolo limodzi kuchokera pa kauntala ya sitolo mpaka kukafika kudimba. Manambala amene ndikupereka ndi a lebulo ya botolo limenelo lokha, kotero musawakopere pa mankhwala ena ngakhale atafanana dzina.

Kujambula muli m'sitolo momwemo

Pemphani wogulitsa kuti akupatseni botolo m'manja, ndipo mupite nalo pafupi ndi khomo pamene pali kuwala kwa dzuwa. Zimitsani kuwala kwa kamera, chifukwa pepala la lebulo limanyezimira ndipo kuwalako kumafufuta malo enieni amene pali manambala. Botolo ndi lozungulira, motero chithunzi chimodzi chimadula mizere kumbali zonse ziwiri. Jambulani zithunzi zitatu kapena zinayi mukulitembenuza pang'onopang'ono, ndipo chithunzi chilichonse chibwerezeko mawu omaliza a chinzake, kuti mukafika kunyumba muthe kulumikiza ziganizo popanda kungoganizira.

Mabotolo ambiri ang'onoang'ono amakhala ndi kapepala kopindidwa kamene kamamatidwa kumbuyo, ndipo nthawi zambiri tebulo la miyeso limakhala mkati mwa kapepalako. Ngati wogulitsa sakulola kuti mukamatule musanalipire, mufunseni ngati ali ndi botolo lotsegula kale la mtundu womwewo, apo ayi lipirani n'kukamatula muli pomwepo. Pojambula tebulolo, onetsetsani kuti mzere wa pamwamba, umene umatchula zimene zili m'danga lililonse, walowa m'chithunzi. Nambala 7 yopanda mutu wake ikhoza kukhala masiku odikira musanakolole, masiku a pakati pa kupopera kuwiri, kapena muyeso wa mankhwala, ndipo palibe amene angazisiyanitse pongoyang'ana nambalayo. Jambulaninso tsiku limene mankhwala anapangidwa, tsiku lotha mphamvu ngati lalembedwa, ndi mzere wa mtundu wokhala ndi tizithunzi umene uli kumunsi.

Musanachoke, kulitsani chithunzi chilichonse ndi zala ziwiri ndipo muwerenge manambala onse mukuyerekeza ndi botolo. Malebulo ena, makamaka ochokera ku South Africa, amalemba `1,5` m'malo mwa `1.5`, ndipo kachizindikiro kameneka ndi kamene kamayamba kusowa chithunzi chikachepetsedwa potumiza. Ngati mukutumiza pa WhatsApp, tumizani posankha `Document` kuti chithunzi chifike chosachepetsedwa.

Pali botolo limene sindigula ngakhale litatsika mtengo chotani, ndilo lija la mankhwala ogawidwa m'kabotolo ka chakumwa kopanda lebulo, wogulitsa n'kungonena pakamwa kuti muzithira zotsekera ziwiri. Pamenepo palibe chojambula, palibe chomasulira, ndipo munthu akadwala nawo palibe chokaonetsa kuchipatala. Kuno ku Zambia ogulitsa mankhwala ophera tizilombo amayenera kukhala ndi chilolezo cha bungwe la ZEMA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la zachilengedwe la mu 2011, ndipo si mwano kufunsa mwini sitolo ngati ali nacho.

Mudziwe kaye chimene chili m'botolo

Dzina lalikulu lokongoletsedwa pamaso pa botolo ndi dzina la malonda chabe. Chofunika ndi mzere wa zilembo zing'onozing'ono woyamba ndi mawu akuti `Active ingredient`, umene umatchula poizoni weniweni ndi kuchuluka kwake. Pa botolo limene ndinagulira azakhali panalembedwa motere:

```
Lambda-cyhalothrin 50 g/L EC
```

Tanthauzo lake n'lakuti m'lita imodzi ya zimene zili m'botolo muli magalamu 50 a poizoniyo. Dzina limeneli musalimasulire kapena kulifupikitsa, koma mulikopere chilembo ndi chilembo, popeza ndi limene adokotala ndi alangizi a zaulimi adzafune kuona. Nambala ya mphamvu nayonso ilowe mu uthenga wanu, chifukwa poizoni yemweyo amagulitsidwa ndi mphamvu zosiyana, ndipo botolo la magalamu 25 pa lita silingakhale ndi muyeso wofanana ndi la magalamu 50. Mlimi amene anazolowera muyeso wa chaka chatha akhoza kuthira mowirikiza kawiri kapena theka chabe popanda kudziwa.

Zilembo ziwiri zakumapeto zimanena maonekedwe a mankhwala. `EC` ndi amadzi okhala ngati mafuta, amene amayera ngati mkaka akalowa m'madzi. `SC` ndi amadzi olimba ngati phala lopyapyala, amene amadikha pansi ndipo amafuna kukhutchumula botolo musanayeze. `WP` ndi aufa, ndipo `WG` ndi amibulu. Izi zimakuuzani msanga ngati muyeso udzakhala wa mamililita kapena wa magalamu.

Kenako fufuzani m'tebulo mzere wa mbewu yanu ndi kachilombo kanu. Azakhali anadandaula za mbozi zoboola matimati, choncho ndinafuna mzere wa matimati ndi mbozi, osati wa thonje kapena wa chimanga umene unali pamwamba pake ndi muyeso wina. Ngati mbewu yanu mulibe m'tebulo, bwezani botolo pa shelefu, chifukwa simudzakhala ndi muyeso wodalirika kapena masiku odikira musanadye.

Kusandutsa muyeso wa pa lebulo kukhala muyeso wa sipuleya yawo

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse, ndipo maganizo anga ndi akuti womasulira amene wangotembenuza mawu n'kusiyira mlimi masamu sanamalize ntchito yake. Mzere wa matimati pa lebulo ija unali ndi zinthu zitatu:

```
300 ml/ha
200–400 L water/ha
30 ml/20 L
```

Chinthu choyamba chikunena kuti hekitala imodzi ilandire mamililita 300 a mankhwala. Chachiwiri chikunena kuti mankhwalawo asungunulidwe m'madzi a pakati pa malita 200 ndi 400 pa hekitala. Chachitatu ndi chidule chothandizira amene ali ndi sipuleya ya malita 20. Wogulitsa m'sitolo anandiuza chachitatu chokha, kuti mamililita 30 pa sipuleya, ndipo akanakhala atatsata lebulo sipuleya ya azakhali ikanakhala ya malita 20. Koma yawo ndi ya malita 16, monga zilili zambiri zimene zimagulitsidwa mu Lusaka, ndipo funso loyamba limene muyenera kufunsa wakudimba ndi limeneli: kodi pa thanki ya sipuleya yanu palembedwa malita angati?

Kuti mupeze muyeso wa sipuleya ina iliyonse, yambani mwatsitsa muyeso pa lita imodzi, kenako muchulukitse ndi malita a sipuleyayo.

```
30 ml ÷ 20 L = 1.5 ml/L
1.5 ml/L × 16 L = 24 ml
```

Pamenepa tapeza mamililita 24, koma tisathamangire kutumiza. Muyeso wa mamililita 30 pa malita 20 unabadwa kuchokera ku muyeso wa pa hekitala, poganiza kuti wopopera amathera malita 200 a madzi pa hekitala imodzi, chifukwa 300 mukaigawa ndi 200 imapereka 1.5 yomweyo. Munthu amene amayenda pang'onopang'ono, kapena amene nozo, kamlomo kotulukira mankhwala pa sipuleya yake, inakula chibowo, kapena amene akupopera matimati ofika m'chiuno okhala ndi masamba ambiri, amathera madzi ochuluka kuposa pamenepo. Akasunga mamililita 24 pa sipuleya iliyonse, munda umalandira mankhwala ochuluka kuposa amene lebulo yalola, ngakhale kuti sipuleya iliyonse payokha yayezedwa bwino.

Njira yodziwira madzi amene wopopera wanu amathera ndi yosavuta ndipo sifuna mankhwala. Ndinauza msuweni wanga kuti ayeze ndi chingwe malo a mamita 10 mulitali ndi mamita 10 mulifupi m'dimba momwemo, athire malita 5 a madzi okhaokha mu sipuleya yotsuka, apopere malowo monga mmene amapoperera masiku onse, kenako akhuthule madzi otsala n'kuwayeza. Malo amenewa ndi gawo limodzi mwa magawo 100 a hekitala, choncho malita amene apita mukawachulukitsa ndi 100 mumapeza malita a pa hekitala. Iye anachita kawiri, ndipo maulendo onse awiri kunatsala malita 2, kusonyeza kuti anathera malita 3. Ndiye kuti kapoperedwe kake ndi ka malita 300 pa hekitala, zimene zili mkati mwa malire a 200 ndi 400 amene lebulo yalola, ndipo masamu ayenera kusintha:

```
300 ml ÷ 300 L = 1 ml/L
1 ml/L × 16 L = 16 ml
```

Muyeso woyenera kwa iye ndi mamililita 16 pa sipuleya yodzaza, osati 24, ndiponso osati 30 ya m'sitolo ija. Kuyesa kumeneku kumafunika kubwereza mbewu zikakula, wopopera akasintha, kapena mukagula nozo yatsopano.

Tsopano tsimikizani masamu anu pobwerera njira ina. Lima imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a hekitala, kapena kuti mamita 50 mbali zonse, choncho iyenera kulandira mamililita 75 a mankhwala ndi malita 75 a madzi pa kapoperedwe ka msuweni wanga. Malita 75 ndi masipuleya anayi odzaza, amene ndi malita 64, ndi yachisanu ya malita 11. Anayiwo atenga mamililita 64, yomalizayo itenga 11, zonse pamodzi 75. Akanatsata mamililita 24 aja, lima yomweyo ikanamwa mamililita opitirira 110. Nambala ya munda wonseyi muziitumiza nthawi zonse, chifukwa imapatsa mlimi chizindikiro chimene angaone ndi maso. Botolo la mamililita 250 liyenera kukwanira kupopera lima ya azakhali katatu n'kutsalako pang'ono. Likatha pa ulendo umodzi, kapena likaoneka ngati silinakhudzidwe munda wonse utapoperedwa, pali chimene chalakwika. Msuweni wanga akanadziwa zimenezi tsiku lija, akanaima ataona botolo likutha mu sipuleya yoyamba.

Malebulo ena amapereka muyeso pa malita 100 a madzi okha, mwachitsanzo `150 ml/100 L`, popanda muyeso wa pa hekitala. Pamenepo gawani ndi 100 kuti mupeze muyeso wa pa lita, n'kuchulukitsa ndi malita a sipuleya. Pamene lebulo yapereka miyeso iwiri, wotsika ndi wokwera, werengani mawu a pambali pake, amene amanena nthawi yogwiritsa ntchito uliwonse, ndipo musapitirire wokwerawo. Mu uthenga wanu mulembe nambala imodzi yokha.

Choyezera

Mawu akuti chotsekera chimodzi kapena supuni imodzi asalowe m'kumasulira kwanu. Zotsekera zimasiyana kukula, ndipo supuni ikapita kudimba imatha kubwerera kukhitchini. Ndinagula sirinji ya mamililita 20 yopanda singano ku famase, ndinamata tepi yofiira pa mzere wa 16, ndipo ndinaitumiza pamodzi ndi botolo. Sirinjiyo imakhala ya mankhwala a mbewu okha, ndipo imasungidwa pamodzi ndi botolo pamalo okhoma, kutali ndi chakudya ndi ana.

Sirinji siyeza ufa. Mankhwala aufa monga `Mancozeb 800 g/kg WP`, amene alimi a matimati amapopera poteteza chiwawu, amalembedwa m'magalamu, ndipo galamu imodzi ya ufa si mililita imodzi. Ngati wakudimba alibe sikelo yaing'ono, yezani nokha kuno kutauni muyeso wa sipuleya imodzi, muuthire m'kachitini koonekera mkati, mulembe mzere pamene ufawo walekeza, ndipo mulembepo dzina la mankhwalawo kuti kachitiniko kasayezere ufa wina.

Kasakanizidwe kake kamasuliridwe motsatana bwino. Athire madzi osefa mpaka theka la thanki, athire mankhwala oyezedwa, atsukuluze sirinji n'kuthira madzi otsukuluzawo mu thanki momwemo, adzaze madzi mpaka pa mzere wa malita 16, atseke, kenako akhutchumule. Asavundule ndi dzanja.

Nthawi zitatu zimene zimasokonezedwa

Lebulo imatchula nthawi zitatu zosiyana, ndipo zonse zikhoza kugwera m'mawu amodzi akuti dikirani ngati womasulira sasamala. `Pre-harvest interval`, imene ena amafupikitsa kuti `PHI`, ndi masiku oyenera kudutsa kuchokera pa kupopera komaliza kufika pa kuthyola zokolola. `Re-entry` ndi nthawi yoti munthu asalowe m'munda wopoperedwa popanda zovala zodzitetezera. `Spray interval` ndi masiku a pakati pa kupopera kwina ndi kwina. Chilichonse chipatsidwe chiganizo chake.

Pa lebulo ija masiku odikira matimati asanathyoledwe anali 7. Sindinalembe kuti sabata imodzi, chifukwa kwa ambiri sabata imatha Lamlungu, ndipo munthu wopopera Lachinayi akhoza kuthyola Lolemba n'kumati sabata yapita. Ndinatchula masiku ndi mayina awo: mukapopera Lachiwiri, musathyole mpaka Lachiwiri linalo. Matimati amapsa tsiku ndi tsiku ndipo ogula ochokera ku Soweto sadikira, motero ndinawonjezera kuti ayambe athyola onse akupsa ndi oyamba kufiira, ndipo apopere pambuyo pake. Kutsuka matimati sikulowa m'malo mwa masiku amenewa.

Machenjezo ndi zovala zodzitetezera

Chinenero chathu chili ndi msampha umene womasulira ayenera kuudziwa. Liwu lakuti mankhwala timaligwiritsa ntchito pa zimene zimachiritsa ndiponso pa zimene zimapha, ndipo khutu likamva mankhwala silichita mantha. Pa gawo la machenjezo ndimasiya liwu limeneli n'kunena kuti poizoni.

Mzere wa mtundu kumunsi kwa lebulo umasonyeza kuopsa kwa poizoniyo kwa munthu. Wofiira ndi wa oopsa kwambiri, wachikasu ndi wotsatira, kenako wabuluu, ndipo wobiriwira ndi wa amene kuopsa kwake n'kochepa akagwiritsidwa ntchito moyenera. Muuzeni mlimi momveka kuti mtundu sukunena za mphamvu yophera mbozi, chifukwa alipo amene amasankha botolo la mzere wofiira poganiza kuti ndilo lamphamvu, ndipo muuzeninso kuti wobiriwira sukutanthauza kuti apopere ali chimanjamanja. Botolo la azakhali linali la mzere wachikasu.

M'mzere womwewo muli tizithunzi, ndipo kawirikawiri timakhala m'magulu awiri. Gulu limodzi limatsagana ndi chithunzi cha munthu amene akuthira mankhwala kuchokera m'botolo, ndipo linalo limatsagana ndi cha munthu amene akupopera. Zovala za magulu awiriwa zimatha kusiyana, chifukwa nthawi yoyeza ndi kusakaniza ndi imene munthu amagwira poizoni wosasungunula. Anthu ambiri amayeza ndi manja opanda kanthu n'kuvala magolovesi poyamba kupopera, pamene nthawi yoopsa kwambiri yadutsa kale. Choncho muzimasulira magulu awiriwa padera.

Mawu akuti `Wear protective clothing` mukawatembenuza kuti valani zovala zodzitetezera, ndiye kuti simunanene kanthu, popeza aliyense adzavala chimene iye akuganiza kuti chimateteza. Tchulani chovala chilichonse, chimene chinapangidwira, ndi kavalidwe kake. Magolovesi akhale a labala yolimba yosalowa mankhwala, ofika cha m'chigongono, osati ansalu kapena achikopa, chifukwa amenewo amamwa poizoni n'kumusunga pakhungu tsiku lonse. Ovololo kapena malaya a manja aatali ndi buluku lalitali zikhale zopoperera zokha. Kumapazi avale majombo a labala, ndipo miyendo ya buluku ikhale kunja kwa jombo, kuti madzi otsika pa nsalu asalowe mkati. Popopera mbewu zazifupi, manja a malaya aphimbe magolovesi pa chifukwa chomwecho. Maso atetezedwe ndi magalasi otseka m'mbali kapena chophimba nkhope yonse choonekera, makamaka poyeza. Sipuleya ikamadontha pa chivundikiro imanyowetsa msana, choncho aikonze asanayambe, ndipo pepala la pulasitiki pakati pa thanki ndi malaya limathandiza.

Pa zophimba mphuno pamafunika kusamala kwambiri. Lebulo ikanena kuti `Respirator`, ikutanthauza chophimba mphuno ndi pakamwa chokhala ndi zosefera zake, chogwira nkhope bwinobwino. Mukangoti masiki, wakudimba adzatenga kansalu kaja tinkavala nthawi ya mliri wa korona, kapena adzamanga mpango, ndipo nsalu ikanyowa ndi nkhungu ya sipuleya imasunga poizoni pamilomo ndi pamphuno. Jambulani chinthu chenichenicho m'sitolo n'kutumiza chithunzi chake pamodzi ndi mawu.

Liwu limodzi la pa lebulo lakuti `Wash` limafuna mawu angapo m'Chichewa, ndipo apa chinenero chathu chimatithandiza kunena molunjika. Munthu asambe m'manja ndi sopo asanadye, asanamwe, asanasute ndiponso asanapite kuchimbudzi. Akamaliza kupopera asambe thupi lonse. Zovala azichape pazokha, osati pamodzi ndi za ana. Magolovesi awatsuke asanawavule. Botolo likatha alitsukuluze katatu, madzi ake athire mu sipuleya, kenako aliboole kuti wina asadzasungiremo mafuta ophikira kapena madzi akumwa. Poizoni wa m'botolo la azakhali amapha nsomba ndi njuchi, choncho ndinawauza kuti sipuleya isatsukidwire kumtsinje kapena pafupi ndi chitsime chimene amathiririra, ndiponso kuti azipopera madzulo njuchi zitachepa, kukakhala kopanda mphepo. Nozo ikatseka aitsegule ndi udzu wofewa kapena kaburashi, asaipemerere ndi pakamwa.

Gawo la chithandizo choyamba limasuliridwe lonse. Poizoni akagwera pakhungu, munthu avule zovala zonyowa n'kusamba ndi sopo ndi madzi ambiri. Akalowa m'maso, atsuke ndi madzi oyera oyenda kwa mphindi 15. Chiganizo chimene ndimachiika patsogolo ndi cha munthu amene wameza poizoni, chifukwa mwambo wa kwathu ndi kumusanzitsa ndi kumumwetsa mkaka. Lebulo ija inati `Do not induce vomiting`, kutanthauza kuti musamusanzitse. Chifukwa chake n'chakuti mankhwala a `EC` amasungunulidwa m'mafuta onga palafini, ndipo munthu akamasanza mafutawo akhoza kulowa m'mapapo n'kuwononga kwambiri. Mkaka nawonso suchotsa poizoni, umangochedwetsa ulendo wa kuchipatala. Choyenera ndi kuthamangira naye kuchipatala chapafupi mutatenga botolo kapena chithunzi cha lebulo. Mzere wolembera adokotala, umene umayamba ndi `Note to physician` kapena `Antidote`, musaumasulire, koma muonetsetse kuti ukuwerengeka m'chithunzi, chifukwa chithandizo chimasiyana malinga ndi gulu la poizoni.

M'Chichewa kukaniza kumakhala m'kachidutswa kakang'ono ka pakati pa liwu. Mumusanzitse ndi musamusanzitse zimasiyana ndi sa yekha, ndipo mu uthenga wa mawu wojambulidwa pa phokoso la minibasi kachidutswa kameneka kakhoza kusamveka. N'chifukwa chake chiletso chilichonse ndimachinena kawiri m'njira ziwiri: kumusanzitsa n'koletsedwa, musayese n'komwe.

Kutumiza uthenga ndi kutsimikiza kuti wamveka

Uthenga wolembedwa ukhale waufupi, chinthu chimodzi pa mzere umodzi, nambala iliyonse ikhale ndi dzina la muyeso wake lolembedwa lonse. Wa azakhali unali ndi dzina la poizoni monga lilili pa botolo, mbewu ndi mbozi zimene akupopera, mamililita 16 pa sipuleya yodzaza ya malita 16, masipuleya anayi ndi yachisanu ya malita 11 yokhala ndi mamililita 11, masiku 7 asanathyole, zovala za poyeza, zovala za popopera, ndi zochita ngozi ikagwa. Ndinatumizanso zithunzi zonse za lebulo, osati kuti awerengeremo muyeso, koma kuti mlangizi wa zaulimi wa m'dera lawo athe kuyerekeza kumasulira kwanga ndi lebulo yeniyeni, ndiponso kuti zikhalepo zokaonetsa kuchipatala.

Pambuyo pake imbani foni, ndipo musafunse kuti kodi mwamva, popeza munthu wamkulu amayankha kuti eya pofuna kusakuvutitsani. Ine ndinati, "Azakhali, ndikupempha kuti mundiuze mmene muchitire mawa, kuyambira pamene mutsegule botolo." Anafotokoza bwino za sirinji ndi tepi yofiira, koma atafika pa sipuleya yachisanu anati, "Imeneyonso tikoka mpaka pa tepi, si choncho mwana wanga?" Pamenepo ndinaona kuti tepi imodzi inali itaphimba muyeso wachiwiri m'maganizo mwawo. Tinagwirizana kuti msuweni wanga amate tepi ina yakuda pa mzere wa 11 wa sirinji, ndipo alembe mzere ndi penti pa malita 11 a thanki, kuti yomalizayo ikhale ndi zizindikiro zake.

Pomaliza ndinamupempha kuti alembe miyeso iwiriyo, dzina la poizoni ndi masiku 7 pa kakatoni, akakulunge m'pulasitiki yoonekera n'kukamangirira pa lamba wa sipuleya, ndipo kumbuyo kwake azilemba tsiku lililonse limene wapopera ndi tsiku limene adzayambenso kuthyola. Botolo latsopano likabwera, ngakhale litakhala la dzina lomwelo, kakatoni kakale kachotsedwe, ndipo kena kalembedwe pokhapokha lebulo yatsopano itajambulidwa ndi kuwerengedwanso.